Wina akakulembera akulira, yankho lako lisatalike

"Zikomo achimwene. Mng'ono wanga amene anakwatiwa ku Limbuli ananditumizira uthenga wautali pa foni, akudandaula za banja lake. Ndinamuyankha motalikanso, malangizo onse amene ndinali nawo. Pano wakwiya, akuti sindinamumve. Kodi ndinalakwitsa pati? Ndine wanu, mayi wa ku Luchenza."

Achemwali, kumbukirani mmene timachitira pa maliro. Namfedwa amayamba kufotokoza matenda kuchokera tsiku limene malemu anayamba kumva mutu, za galimoto yomwe inachedwa, za mawu omaliza. Akamaliza, palibe amene amamubwezera nkhani yotalika chimodzimodzi. Timati "pepani", mwina n'kufunsa ngati nkhuni zilipo zokwanira, kenako n'kukhala pansi. Pa foni timaiwala mwambo umenewu. Timaona ngati munthu akalemba mizere makumi anayi, ulemu ndi kumubwezera makumi anayi. Chonsecho yankho likatalika, nkhani imachoka kwa iye n'kubwera kwa ife, ndipo woliranso uja amasanduka womvera.

Ineyo ndinaphunzira izi mochita kupsa nazo. Miyezi ingapo namondwe wa Freddy atadutsa mu Malichi 2023, msuweni wanga wa cha ku Muloza anandilembera usiku. Munali zonse: khoma la nyumba limene linagwa ndi madzi, ntchito yothyola tiyi yomwe inali itatha chifukwa nyengo yamvula inali itapita, bambo a kunyumba amene anapita ku Joni n'kusiya kutumiza ndalama, apongozi amene amamunena kuti ndiye anathamangitsa mwana wawo. Ndinakhala pansi n'kuyankha chilichonse pachokha, ngati ndikulemba mayeso. Ndinamuuza za geni ya nanazi, ndinamuuza za mavuto amene ndinakumana nawo inenso, ndipo penapake ndinalemba kuti mwamunayo ndinamukayikira kuyambira kale. Mmawa anangoyankha kuti, "Ndamva." Patapita masiku, nditawerenganso uthenga wake, ndi pamene ndinaona mzere umodzi chapakati: "Loweruka ankhoswe akukumana, kaya ndipita ndi ndani." Mzere umenewu ndi umene unali pempho lake, ndipo pa zonse zimene ndinalemba, uwu wokha ndi umene sindinaukhudze.

Ndiye chinthu choyamba, werengani uthengawo kawiri musanagwire zolemba. Ulendo woyamba mtima ndi umene umawerenga, ndipo umakokedwa ndi mawu owawa kwambiri. Ulendo wachiwiri muzifunafuna pempho. Nthawi zambiri silikhala koyambirira, komanso silibwera ngati funso. Anthu athu sakonda kupempha mwachindunji, makamaka kwa wamkulu wawo. Limabisala m'mawu ngati "kaya nditani", "ndilibe wondiperekeza", kapena pamene patchulidwa tsiku, malo kapena ndalama. Mukaona tsiku latchulidwa, imani pamenepo. Ngati ndi uthenga wa mawu, umvereni kawirinso mpaka kumapeto, chifukwa ambiri amatulutsa chenicheni chakumapeto, mantha atachepa.

Mukalipeza pempholo, yankho limangofunika kunyamula zinthu zitatu: kusonyeza kuti mwamva chimene chikumupweteka, kuyankha pempholo, ndi kunena chomwe inu muchite komanso liti. Kwa msuweni wanga uja ndikanayenera kulemba chonchi:

"Asuweni, ndawerenga zonse. Zoti apongozi akuloza inu chala pamene inu ndi amene mwatsala ndi ana, zandipweteka. Loweruka ndibwera, tipitira limodzi kwa ankhoswe. Ndikuimbirani mawa 7 koloko madzulo."

Taonani kuti pa mavuto anayi aja ndatchulapo limodzi lokha. Si kuti enawo ndi aang'ono. Koma munthu ukamubwezera chinthu chimodzi chenicheni chochokera m'mawu ake, amadziwa kuti wawerenga. Mawu akuti "limbani mtima" kapena "Mulungu alipo" ndi abwino, koma akakhala okha angatumizidwe kwa wina aliyense, ngakhale ndi munthu amene sanatsegule n'komwe uthengawo. Apa ndi pamene pamasiyana yankho lalifupi ndi yankho louma. Sankhani chimene iye wachibwereza kawiri kapena katatu, pakuti bala lili pamenepo.

Zoti musiye ndi zimene zimavuta, chifukwa zimayabwa pa chala. Nkhani yanu ya mmene munavutikira ndi banja lanu isungeni, mudzamuuza muli pa mkeka akadzafunsa. Malangizo amene sanapemphe nawonso adikire. Koma chimene ndikuchenjezeni kwambiri ndi kuweruza mlamu wanu polemba. Mawu a pakamwa amapita ndi mphepo, a pa foni amakhala. Mawa awiriwo akagwirizana, uthenga uja udzawerengedwa ndi mwamunayo, mwinanso pamaso pa ankhoswe, ndipo inu ndi amene mudzatchedwe wopasula banja. Kuno kwathu kumene mabanja ambiri ndi achikamwini, nkhani zotere zili ndi eni ake, amalume ndi ankhoswe. Inu mbali yanu ndi kumuperekeza kwa iwo. Mzere wanga uja wonena kuti ndinkamukayikira mwamunayo unandibwerera chaka chisanathe, bamboyo atabwera kuchokera ku Joni ndi chikwama, ndipo mpaka lero timapatsana moni wapatali.

Nanga ngati mwawerenga kawiri koma pempho mulibe? Zimachitika, munthu amangofuna kutula. Pamenepo musamupangire pempho. Tchulani chomupwetekacho, kenako funsani funso limodzi lokha, monga lakuti, "Ukufuna ndibwere, kapena ndiyambe ndalankhula ndi amalume?" Mafunso akakhala asanu, munthu wotopa kale amaona ngati ali kupolisi, ndipo amayankha lophweka n'kusiya lofunika.

Pali malire ake. Ngati mu uthengamo muli mawu oti akumenyedwa, kapena akuti "bola ndingofa", "mudzandisamalire ana", musalembe yankho ngakhale lalifupi. Imbani foni nthawi yomweyo, ndipo ngati sakuyankha, tumani munthu amene ali naye pafupi akamuone. Nkhani ya nkhanza ili ndi ofesi yake kupolisi yothandiza ozunzidwa, ndipo simufunika kudikira ankhoswe kuti mupite kumeneko.

Tsono poti uthenga wautali uja munatumiza kale, musawonjezerepo wina wautali wofotokoza chimene mumatanthauza. Umenewo udzangokhala mulu wachiwiri pamwamba pa woyamba. Bwererani ku uthenga wa mng'ono wanuyo, pezani mzere umene munaudumpha, ndipo mulembe motere: "Mng'ono wanga, pepa, ndinachulutsa zonena. Ndawerenganso, ndaona unanena zakutizakuti. Ndikwera minibasi Lachisanu m'mawa, ndikupeza." Pamene pali zakutizakuti muikepo mawu ake enieni, osawakonza. Kuchokera ku Luchenza kudzera pa Chitakale kukafika ku Limbuli si ulendo wogona panjira, ndipo zina zonse zimene munalemba zija mukazinena kumeneko, ngati iye akazifune.