Musanayese kaye, ndiuzeni ngati mudzasiyadi

"Akulu, ine ndi mnzanga wa bizinesi takonza mankhwala atsopano otsukira pansi. Iye akufuna tilowe nawo msika wonse pompano, ine ndikufuna tiyese kaye m'masitolo ochepa kwa miyezi itatu. Akuti ndine wamantha ndipo ndikungofuna kumwaza ndalama. Ndamva kuti pali njira yojambula mtengo wa zisankho n'kuwerengera phindu loyembekezeka. Ndijambule bwanji kuti ndimuonetse kuti akulakwa?"

Mayi, chiganizo chanu chomalizacho ndi chimene chandikhazika pansi kuti ndilembe. Mwina mnzanuyo sakulakwa. Ndipo mukajambula mtengo muli ndi yankho kale m'thumba, mtengowo udzakuvomerani, chifukwa manambala ake mukhala mwaika nokha.

Ndinagwirapo ntchito yowerengera ndalama pa kampani ina yopanga sopo. Bwana wamkulu anali ndi sopo wamadzi amene ankamukonda koopsa, fungo anasankha yekha, botolo anajambulitsa yekha. Tinagwirizana zoyesa kaye. Tinasankha masitolo, tinalemba anyamata oima pashelefu, tinadikira. Malipoti atabwera sanali okoma: anthu ankagula botolo loyamba, lachiwiri ayi. Ndikukumbukira pepala la oda yobwereza lochokera ku sitolo yaikulu pa onsewo, danga la makatoni atalembamo ziro ndi bolopeni yofiira, pansi pake woyang'anira sitoloyo atalemba kuti mabotolo otsala tidzatenge. Pamsonkhano bwana anazunguliza pepalalo patebulo ndi chala. Anati inali nyengo yolakwika. Wa zamalonda anati masitolo anaika sopoyo pashelefu yapansi. Wina anati anthu sanamuzolowere. Pomaliza bwana anati, "Tafika kale patali, sitingabwerere," ndipo tinalowa msika wonse ngati kuti kuyesa kuja sikunachitike.

Chimandiwawabe si kulephera kwa sopoyo. Zinthu zatsopano zimalephera, ndi mmene malonda alili. Chimandiwawa n'chakuti tinalipira kuti timve yankho lomwe palibe anali wokonzeka kulimvera. Kuyambira pamenepo ndimanena mosabisa: kuyesa kaye kumene sikungasinthe chiganizo chanu n'kutaya ndalama, ndipo makampani ambiri amayesa pofuna kudzitonthoza, osati pofuna kudziwa. Mtengo wa zisankho umaonetsa zimenezi poyera, n'chifukwa chake ndimaukonda.

Tiyeni tijambule. Manambalawa ndi ongopeka kuti tione njira yake, muwatenge ngati mamiliyoni a ndalama iliyonse yomwe mumagwiritsa ntchito. Kumanzere kwa pepala jambulani kabokosi. Kabokosi ndi pamene musankha ndinu. Kuchokera pamenepo kutuluke nthambi zitatu: kulowa msika wonse, kuyesa kaye, kusiya. Yachitatuyi anthu amaiwala, koma ndi imene zinazo zimayezedwera, ndipo phindu lake ndi 0. Pamene msika ndiwo uyankhe, osati inu, jambulani kabwalo kozungulira, ndipo nthambi zake zonse mwayi wake ukaphatikizidwa ukwane 100 peresenti.

Nthambi ya mnzanu ndiyosavuta. Tinene kuti kulowa msika wonse kufuna 50. Anthu akaukonda mankhwalawo mupeza 150, phindu n'kukhala 100. Akaukana mupulumutsako 10 pogulitsa zotsala, kuluza n'kukhala 40. Tinenenso kuti mwayi woti aukonda ndi 40 peresenti. Phindu loyembekezeka, lomwe m'mabuku amalemba kuti EMV, limapezeka pochulukitsa chotsatira chilichonse ndi mwayi wake, kenako n'kuphatikiza.

```
EMV = 0.4 × 100 + 0.6 × (−40) = 16
```

Musapusitsidwe ndi 16 ameneyu. Palibe tsiku lomwe mudzamuone m'buku la ndalama. Mudzapeza 100 kapena mudzaluza 40, basi. Iye ndi avereji ya zomwe mungapeze mutachita chinthu chomwechi kambirimbiri. Komabe ndi woposa 0, choncho mnzanu ali ndi mfundo.

Tsopano nthambi yanu. Apa ndi pamene mitengo yambiri yomwe ndimaona imanama. Anthu amajambula ngati kuti kuyesa kukayenda bwino ndiye kuti msika wonse uyendanso bwino. Ayi ndithu. Kuyesa kumaphonya mbali ziwiri: kumatha kukana chinthu chabwino, kumathanso kuvomera chinthu choipa. Tinene kuti mankhwala akakhala abwinodi, kuyesa kumaonetsa bwino ka 80 pa 100. Akakhala oipa, kumaonetsabe bwino ka 25 pa 100, chifukwa chinthu chatsopano anthu amagula pongofuna kuona. Ndipo kuyesako kudya 6.

Ophunzira amati apa pafunika lamulo la Bayes, lowerengera mmene mwayi umasinthira umboni watsopano ukabwera. N'zoona, koma simufunika kuliloweza. Ganizirani zinthu 100 zonga zanuzi zikuyesedwa. Mwa izo 40 n'zabwinodi, 60 n'zoipa. Pa zabwino 40 zija, 32 zikhoza mayeso, 8 zilephera mopanda chilungamo. Pa zoipa 60 zija, 15 zikhoza mwachinyengo, 45 zilephera. Ndiye kuti zokhoza zonse ndi 47, zolephera ndi 53.

Mayeso akayenda bwino, muli m'gulu la 47, momwe zabwino ndi 32. Mwayi wanu wakwera kuchoka pa 40 kufika pafupifupi 68 peresenti. Taonani, sunafike 100. Pa atatu alionse amene amasangalala ndi zotsatira za mayeso otere, mmodzi akupitabe kukaluza. Mayeso akayenda moipa, muli m'gulu la 53, momwe zabwino ndi 8 zokha, mwayi watsika kufika pafupifupi 15 peresenti.

Kumapeto kwa nthambi ziwirizi jambulaninso kabokosi, chifukwa mukusankhanso: kulowa kapena kusiya. Mtengo umajambulidwa kuchokera kumanzere koma umawerengedwa kuchokera kumanja kubwerera mmbuyo. Pa kabwalo mumatenga avereji, pa kabokosi mumatenga nthambi yoposa n'kudula zinazo.

```
Mayeso abwino: (32 × 100 − 15 × 40) / 47 = 55.3
Mayeso oipa: (8 × 100 − 45 × 40) / 53 = −18.9
EMV = 0.47 × 55.3 + 0.53 × 0 − 6 = 20
```

Pa mayeso abwino mumalowa. Pa oipa kulowa kuli pansi pa 0, choncho mumasiya, n'chifukwa chake mu mzere womaliza muli 0 osati −18.9. Kuyesa kwapereka 20, kulowa pompano 16. Ndi manambala awa mwapambana ndinu, koma ndi 4 yekha, si chipambano choti muimbire nthungululu.

Pamene bwana wanga anagwera

Chotsani 0 uja, muikepo −18.9, kutanthauza kuti mayeso alephera koma mwalowabe. Nthambi yonse itsika kufika pa 10. Ndi 16 wa mnzanu uja mutachotsapo 6 wa mayeso, osaposa osachepa. Phindu lonse la kuyesa lili pa kabokosi kamodzi kaja, pamene mumati basi tasiya. Mukadziwa mumtima kuti simudzatero, mnzanu akunena zoona ndipo mukumwazadi ndalama.

Za "tafika kale patali" zija, mtengo suzimva. Mukafika pa kabokosi kachiwiri, 6 uja wapita kale, kaya mulowa kaya musiya. Madzi akatayika saoleka. Ndiye 6 achotsedwe kamodzi kokha pa nthambi yonse, asalowe m'mkangano woti tipitirize kapena ayi.

Palinso njira ina imene kuyesa kumakhalira kopanda ntchito, ngakhale kwa anthu oona mtima. Tiyerekeze kuti mnzanu ali ndi umboni weniweni woti mwayi si 40 koma 70 peresenti, mwina masitolo akuluakulu asaina kale maoda. Kulowa pompano kupereka 58. Mukawerengeranso gulu la mayeso oipa, mupeza zabwino 14 ndi zoipa 22.5, ndipo kulowa kukhalabe pamwamba pa 0. Ndiye kuti mayeso aziyenda bwino kapena moipa, chochita n'chimodzimodzi, ndipo kuyesa kungotsitsa 58 kufika pa 52. Choncho mkangano wanu weniweni suli pa mantha. Uli pa nambala imodzi, 40 kapena 70, ndipo aliyense wa inu ayenera kunena komwe waitenga.

Apa ndipatukeko pang'ono, chifukwa 80 ndi 25 aja nawonso sagwa kumwamba. Amadalira mmene mwayesera. Mukasankha masitolo a anzanu, mukatsitsa ndalama yogulira, mukaimika munthu pashelefu tsiku lonse, ndiye kuti 25 uja akwera, chifukwa ngakhale chinthu choipa chigulidwa. Akafika pa 80, mayeso sakusiyanitsanso chabwino ndi choipa, ndipo mwayi wanu ukhala pa 40 pomwe unali. Kuyesa chinthu cholakwika kumagwetsa ndi akuluakulu omwe. Mu 1985 kampani ya Coca-Cola inasintha kakomedwe ka chakumwa chake italawitsa anthu pafupifupi 200,000, ndipo ambiri anakonda chatsopanocho. Pasanathe miyezi itatu inabwezeretsa chakale. Inafunsa anthu chokoma ndi chiti, koma sinayeze bwino mmene adzamvere chakale chikachotsedwa. Kwa mankhwala otsukira pansi, chofunika kuyeza ndi botolo lachiwiri. Ngati botolo limodzi limatha miyezi iwiri m'nyumba, miyezi itatu yanu ija ndi yothina.

China chimene EMV sauza munthu ndi kukula kwa thumba lake. Avereji imakomera amene angathe kubetcha kambiri. Ngati kuluza 40 kungatseke bizinesi yanu, musayang'ane 16 ndi 20 okha. Mukalowa pompano, mwayi wa kuluza kwakukulu ndi 60 peresenti. Mukayesa kaye ndi 15 peresenti, ngakhale kuti pamenepo muluza 46, ndipo ka 53 pa 100 mungoluza 6 n'kubwerera kunyumba. Kwa bizinesi ya anthu awiri, ine kusiyana kumeneku ndimakuona kukhala kwakukulu kuposa 4 uja, ndipo ndikanayesa ngakhale manambala awiriwo akanafanana.

Zochita zake ndi izi. Khalani pansi awirinu, aliyense alembe payekha mwayi womwe akuganiza, muwerengere mtengowo ndi manambala onse awiri. Pa 6 uja musaike za masitolo zokha: onjezerani phindu la miyezi yomwe muchedwe, ndiponso zoti opikisana nanu aona botolo lanu pashelefu n'kukopera. M'chitsanzo chathu mayeso ndi oyenera kulipira mpaka 10, chifukwa nthambi ya kuyesa tisanachotse 6 uja ndi 26, ndipo 26 kuchotsa 16 ndi 10, ndipo ngakhale mayeso osaphonya konse sangayenere kuposa 24. Zonse zikaphatikizidwa n'kudutsa malire anu otere, lowani osayesa kapena yesani motchipa. Zikapanda kudutsa, lembani papepala botolo loyamba lisanatuluke kuti masitolo angati ayenera kubwereza oda, pa ndalama yogulira yeniyeni, kuti mupitirize, ndipo nonse awiri musaine.