Manambala angati pa yankho la taitireshoni?

"Ndinapima mphamvu ya NaOH ndi KHP, kenako NaOH yomweyo ndinapimira HCl. Kakyuleta yandipatsa 0.0941558 mol/L. Miyeso yanga yonse ili ndi manambala ofunika anayi, ndiye ndilembe 0.09416?"

Ayi, lembani 0.0942 ± 0.0004 mol/L. Lamulo lowerenga manambala ofunika ndi longoyerekezera chabe. Chimene chimagamula pomwe mudulire yankho ndi kukula kwa chikayiko chochokera ku zida zanu.

Tiyeni titsate miyeso imene mwatumiza. KHP, asidi wotchedwa potassium hydrogen phthalate wolemera 204.22 g pa mol imodzi, inali 0.5105 g ndipo inadya 24.85 mL ya NaOH. Pagawo lachiwiri, 25.00 mL ya HCl inadya 23.40 mL.

```
0.5105 / 204.22 / 0.02485 = 0.100594
0.100594 × 23.40 / 25.00  = 0.094156
```

Ambiri amaphonya pa byureti. Timaiwerenga kawiri, poyamba ndi pomaliza, kenako n'kuchotsera. Ngati kuwerenga kulikonse kuli ndi chikayiko cha 0.05 mL, voliyumu yotulukayo imakhala ndi √(0.05² + 0.05²), pafupifupi 0.07 mL. Pochotsera kapena pophatikiza timagwiritsa ntchito mamililita enieniwo, koma pochulukitsa ndi pogawa timayamba tasandutsa chikayiko chilichonse kukhala peresenti. Choncho byureti ikupereka 0.28% pagawo loyamba ndi 0.30% pachiwiri. Pipeti ya 25 mL ya gulu A, ya ± 0.03 mL, ikupereka 0.12%, ndipo sikelo, titaipatsa ± 0.0002 g, ikungopereka 0.04%.

```
√(0.28² + 0.30² + 0.12² + 0.04²) = 0.43%
0.0043 × 0.094156 = 0.0004 mol/L
```

Chikayikocho chagwera pamalo achinayi pambuyo pa kadontho, ndiye yankho nalo lithere pomwepo. Mukalemba 0.09416 ndiye kuti mukulonjeza 6 womalizayo pomwe ngakhale nambala ya kumanzere kwake ikugwedera. Taonaninso kuti sikelo ilibe mlandu. Mukafuna kuchepetsa chikayiko, limbanani ndi byureti.

Chimene chimandipweteka mtima m'malipoti a ophunzira ndi kudula manambala pakati pa ulendo. Mukadula 0.100594 kukhala 0.101 musanalowe gawo lachiwiri, mupeza 0.0945. Mwasuntha yankho pafupifupi 0.0004, kufanana ndi chikayiko cha zida zonse pamodzi, ndi cholembera chokha! Manambala asiyeni mu kakyuleta, mudule kamodzi kumapeto.

Masamuwa ali ndi malire ake. Amatengera kuti zolakwikazo n'zamwangozi ndipo sizigwirizana. Saona ngati KHP inali yosaumitsidwa bwino, kapena ngati munapitiriza kudonthetsa mpaka fenofitalini itafiira kwambiri m'malo moima pa pinki wotuwa. Kubwereza taitireshoni katatu kudzakuonetsani dzanja losakhazikika, mavoliyumu akatalikirana kuposa 0.10 mL, koma KHP yachinyezi idzakupatsani mayankho ogwirizana bwino onse ali okwera. Imeneyo iumitseni mu uvuni pa 110 °C musanaiike pa sikelo.