Avata ya 3D kuchokera pa chithunzi chimodzi

"Akuluakulu, ndikupanga kagemu ka pa foni mu Godot ndipo ndikufuna avata ya katuni yofanana ndi mlongo wanga. Ndili ndi chithunzi chake chimodzi chokha, choyang'ana kutsogolo. Ndinachimata pa mutu mu Blender koma nkhope yatuluka yoopsa. Ndalakwitsa pati?"

M'bale wanga, chotsani chithunzicho pamutupo. Ntchito yake ndi yoti muziyang'anapo poumba, osati kukhala khungu. Mukachimata ndi Project from View, kutsogolo kumaoneka bwino ndithu, koma mukangotembenuza mutu pang'ono, masaya amakokeka mpaka kumakutu ngati phula wosungunuka, chifukwa kamera sinaone m'mbalimo. Komanso kuwala kwa tsiku lojambulalo kumatsalira pankhope. Kunyezimira kwa pachipumi kumakhala pomwepo ngakhale munthu wanu atalowa mumdima m'gemumo.

Ine ndinapangapo ya msuweni wanga wa ku Chilenje, ndili ndi selefi yake imodzi basi. Mutu woyamba unatuluka wophwatalala ngati mbale, mphuno yaikulu, makutu osaoneka. Selefi imanama: foni ikakhala pafupi, mphuno imakula ndipo makutu amabisala kuseri kwa masaya. Ndiye ngati chanucho ndi selefi, chepetsani mphuno pang'ono ndi kutulutsa makutu. Mukadzapeza mpata womujambulanso mlongoyo, imani patali ngati mamita 2.

Poyambira ndi apa. Dinani 1 wa pa Numpad kuti muone kutsogolo, muike chithunzicho ngati Reference kumbuyo. Tengani Cube, muiike Subdivision Surface ya mlingo 2 n'kuchita Apply, ikhala ngati mpira wa tizigawo 96. Dulani theka, muike Mirror kuti zomwe mukuchita kumanja zizichitikanso kumanzere. Kenako kokani timadontho kutsatira chibwano, masaya ndi chipumi.

Tsopano dinani 3 wa pa Numpad muone cham'mbali. Pamenepa ndi pomwe pali ntchito yeniyeni, poti chithunzi sichikuthandizaninso. Mutu wa munthu ndi wautali kuchoka pachipumi kufika kunkhongo kuposa kuchoka khutu ili kufika linalo. Wa munthu wamkulu umakhala pafupifupi masentimita 15 m'lifupi, koma 19 kapena 20 kupita kumbuyo. Ambiri timaiwala nkhongo, n'chifukwa chake mitu imatuluka ngati mbale. Khutu likhale kumbuyo pang'ono kwa pakati pa mutu, pakati pa mzere wa nsidze ndi kunsi kwa mphuno. Za kutalika kwa mphuno ndi milomo, ine ndinakhala ndi kalilole patebulo n'kumadziyang'ana cham'mbali, popeza ndife a mtundu umodzi. Inunso muli ndi mwayi womwewo, ndi mlongo wanu.

Kufanana kumachokera pa zinthu zitatu kapena zinayi zomwe abale amamudziwira munthuyo. Kwa msuweni wanga zinali mpata wa m'mano, nsidze zokhuthala ndi mukule womwe amakonda kuluka. Ndinazikuza dala. Mukulewo sindinaumbe tsitsi limodzilimodzi ayi, ndinangoika mizere 6 yokhuthala yopita kumbuyo. Nditawaonetsa amayi ake pa foni, anamutchula dzina ndisanalankhule, chikhalirecho maso anali timadontho tiwiri takuda chabe.

Mitundu yokha ndiyo mutenge pa chithunzi. Tolani khungu ndi Eyedropper patsaya pomwe sipakuwala, chifukwa mukatola pachipumi munthu wakuda amatuluka wotuwa ngati wadzola phulusa. Onjezani wa tsitsi, milomo ndi malaya, muiike pa kachithunzi kakang'ono ka timabokosi, ndipo chigawo chilichonse cha thupi muchikankhire pa bokosi lake mu UV Editor. Dinani Shade Flat kuti makona aoneke, muyatsenso Statistics muziona matirayango. Yanga inathera cha m'ma 2,500 thupi lonse, ndipo inkayenda bwino pa foni yotchipa. Decimate yochepetsera matirayango ija sindiikonda pankhope, imadya milomo ndi maso mosasankha.

Thupi muliumbe manja atatambasula ngati T, muike mizere itatu yozungulira pachigongono ndi pabondo, apo ayi popinda pamafinyika ngati paipi. Mafupa mutha kuika ndi webusaiti ya Mixamo: mumatumiza FBX n'kuloza chibwano, polumikizira dzanja ndi mkono, zigongono, mawondo ndi pakati pa miyendo. Musanatumize, dinani Ctrl+A musankhe All Transforms, kenako yatsani Face Orientation. Pofiira paliponse ndi chigawo chotembenuka, ndipo m'gemu pamaoneka ngati bowo. Sankhani zonse mu Edit Mode mudine Shift+N. Ikabwera ku Mixamo muibwezere mu Blender, kenako ku Godot pitani nayo ngati .glb.

Ndipo Ctrl+S muzidina pafupipafupi, malaiti athu a mu Lusaka mukuwadziwa. Mukafika poumba cham'mbali, ponyani chithunzi cha sikirini muno tithandizane kuona nkhongoyo.