Mafunso oti ana aziganiza, osati kungoloweza

"Ana anga a Sitandade 6 amayankha bwino mafunso a zimene anaphunzira, koma ndikafunsa chifukwa chake amangoti zii. Ndilembe bwanji mafunso pokonzekera phunziro?"

Aphunzitsi anzanga, lembanitu mafunso atatu otsatizana pa mfundo imodzi, musadikire kuwapeka muli kutsogolo kwa kalasi. Tinene phunziro la kukokoloka kwa nthaka. Loyamba likhale losavuta: tchulani zinthu zimene zimakokolola nthaka. Lachiwiri: n'chifukwa chiyani munda wa pamtsetse umakokoloka msanga kuposa wa pachidikha? Lachitatu ndiye lokoma: minda iwiri ili paphiri limodzi, wina mizere yake yatsata kutsetsereka, wina yapingasa, mvula ikagwa yamphamvu, wowonongeka ndi uti, ndipo mwadziwa bwanji?

Mukafunsa, werengani chamumtima kufika 5 musanaloze mwana. Ine kale ndinkathamangira amene akweza dzanja msanga, mapeto ake ankaganiza ndi ana atatu okha m'kalasi ya ana 90. Tsopano amayamba akambirana awiriawiri. Wina akayankha molakwa sindimudula, ndimangoti "tafotokoza, madziwo adzera pati?" Nthawi zambiri amadzikonza yekha.

Koma mwana amene amakhala chete ngakhale pa funso loyamba, mwina makutu ake samva bwino. Uzani makolo apite naye kuchipatala, ndipo mudziwitse mphunzitsi wa ana ofunika thandizo lapadera wa m'zoni mwanu.