Kusanja nyumba zofunika m'dera: yambani ndi anthu, mapu abwere pambuyo

"Ndili m'komiti ya chitukuko kuno ku Ndirande, ndipo tikufuna kulemba nyumba zakale zimene anthu amazikonda zisanagwetsedwe. Tingachite bwanji kuti eni dera aziike okha pa mapu ndi kusankha zofunika koposa, popanda kukangana?"

Zikomo bambo. Langizo langa loyamba ndi lakuti musapite kwa anthu mutanyamula kale mndandanda kapena mapu osindikiza. Mu Blantyre muno, mukangotchula nyumba zakale, maganizo a aliyense amathamangira ku Mandala House ya 1882 kapena ku tchalitchi cha St Michael and All Angels chimene chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891, ndipo munthu wa ku Ndirande amayamba kuganiza kuti kwawo kulibe choyenera kulembedwa. Funso limene limatsegula pakamwa ndi ili: "Ndi nyumba iti imene itati igwetsedwe mawa mungadandaule nayo, ndipo chifukwa chiyani?" Pamenepo mudzamva za chigayo, za golosale ya pa mphambano, za kalasi yoyamba ya pa sukulu, zimene katswiri wa zomangamanga angazidutse osacheuka.

Musanaitane munthu aliyense, kaonaneni ndi mfumu, khansala ndi eni nyumba amene mukuwadziwa kale. Anthu oyenda ndi mapepala akujambula nyumba za eni m'dera lothithikana amayambitsa mphekesera tsiku lomwelo, yakuti khonsolo ikufuna kugwetsa kapena kuti malo agulitsidwa. Nenaninso poyera ngati palibe alawansi.

Mapu oyamba ajambulidwe pansi, pabwalo, m'nyengo yopanda mvula, ndipo m'magulu osiyana: amayi paokha, abambo achikulire paokha, achinyamata paokha, gulu lililonse la anthu 10 kapena 12. Muonetsetse kuti alendi alimo, chifukwa wochita lendi amene wakhala m'dera zaka zambiri amalidziwa kuposa landilodi wokhala kwina. Inu mungoika zizindikiro zochepa zimene aliyense akuzidziwa, monga phiri, msika ndi mtsinje wa Nasolo, kenaka mupereke ndodo kwa mmodzi wa iwo ndi kubwerera m'mbuyo. Phulusa likhale misewu, miyala ikhale nyumba. Ubwino wa pansi ndi wakuti wolakwitsa amangofufuta ndi phazi, pamene cholembera chimagwidwa ndi amene anapita kusukulu ndipo enawo amangoonerera. Mlembi alembe dzina limene anthu amaitchulira nyumbayo ndi chifukwa chake m'mawu awo omwe, ndipo mapuwo ajambulidwe pa foni asanafufutike.

Tsiku lina muyende ndi anthu awiri a gulu lililonse kukaona mwala uliwonse pamalo pake. Ulendowu umachepetsa mndandanda wokha, popeza mumapeza kuti nyumba ina inagwa kale, ndiponso kuti mayina awiri osiyana ndi a nyumba imodzi. Pa nyumba iliyonse pemphani chilolezo, jambulani chithunzi, lembani mmene denga ndi makoma zilili, ndipo tengani malo ake pa foni. Pulogalamu yosonkhanitsira mauthenga pa foni yotchedwa KoboToolbox imathandiza pa ntchitoyi ngakhale popanda intaneti, koma kope ndi pensulo zimakwaniranso. Chaka chomangira nyumba chilembedwe pamodzi ndi amene wachitchula, chifukwa agogo awiri angasiyane ndi zaka khumi aliyense akulumbira.

Tsopano pa kusanja, pamene mkangano umabadwira. Pali njira yoyerekeza nyumba ziwiriziwiri, kufunsa kuti mwa izi yofunika ndi iti mpaka iliyonse itakumana ndi inzake yonse. Imatulutsa zifukwa zabwino, koma imakula msanga: nyumba 6 zimafuna mafunso 15, nyumba 12 zimafuna 66, ndipo pofika pakati anthu amangovomera kuti apite kwawo. Ine ndimakonda nyemba. Nyumba iliyonse ikhale ndi chitini chovundikira chokhala ndi chithunzi chake, munthu aliyense alandire nyemba 10, ndipo asaike zoposa 4 m'chitini chimodzi. Malire amenewa amakakamiza munthu kuganizira nyumba zosachepera zitatu, osati ya mpingo wake yokha. Aliyense aponye payekha kuseri, pamaso pa woyang'anira mmodzi amene gulu lamukhulupirira, ndipo atsogoleri aponye pomalizira. Nyemba zikaikidwa poyera, mulu wa mfumu umakoka ena onse.

Tiyerekeze kuti mwatsala ndi nyumba 6 ndipo gulu lililonse lili ndi anthu 12, kutanthauza nyemba 120 pa gulu. Tchalitchi chakale chapeza 30 kwa amayi, 34 kwa abambo ndi 28 kwa achinyamata. Holo yapeza 15, 20 ndi 25. Chigayo chapeza 36 kwa amayi, koma 8 zokha kwa abambo ndi 10 kwa achinyamata. Mukaphatikiza zonse, tchalitchi chili ndi 92, holo 60, chigayo 54, ndipo chigayo chagwera pambuyo pa holo ngakhale kuti kwa amayi ndicho choyamba, kuposa tchalitchi chomwe. Apa ndi pamene makomiti ambiri amalakwira, chifukwa amalengeza chiwerengero chophatikiza ndi kutseka msonkhano. Musatero. Ikani zotsatira za magulu atatuwo moyandikana pa pepala lalikulu, ndipo mupemphe amayi afotokoze okha pamaso pa onse. Mwina mudzamva kuti pakhonde pa chigayocho ndi pamene gulu lawo losunga ndalama limakumana, nkhani imene abambo sanaidziwe. Lamulo losavuta limene mungagwirizane musanayambe kuponya ndi lakuti nyumba imene yakhala yoyamba kapena yachiwiri ngakhale m'gulu limodzi lokha ilowe m'gawo lapamwamba. Ndipo m'malo mwa nambala wani mpaka sikisi, gawani nyumbazo m'magawo atatu okha, chifukwa kusiyana kwa nyemba zisanu kapena zisanu ndi imodzi sikutanthauza kanthu, koma kungadanitse mipingo iwiri.

Kufunika kwa nyumba ndi ngozi imene nyumbayo ilimo ndi nkhani ziwiri, ndipo zisasakanizidwe m'chitini chimodzi. Tchalitchi chija chili ndi akhristu ochisamalira, pamene chigayo mwina khoma lake lang'aluka ndipo mwini wake akufuna kumanga mashopu. Za ngozi zichokere m'kope la ulendo uja. Nyumba imene ili pamwamba m'zonse ziwiri ndiyo yoyambira nayo.

Mungadziwe kuti ntchito yapotoka ngati magulu onse atulutsa zotsatira zofanana ndendende, chimene kawirikawiri chimasonyeza kuti wina anawauziratu, kapena ngati pa tsiku loponya pabwera nkhope zambiri zimene kunalibe pojambula mapu. N'chifukwa chake oponya ayenera kukhala omwe aja anajambula.

Pomaliza muwauze anthu zoona za mphamvu ya mndandandawu. Paokha suletsa mwini nyumba kugwetsa kapena kusintha nyumba yake. Chitetezo cha boma chimadzera m'lamulo la Monuments and Relics Act, limene limayendetsedwa ndi nthambi ya boma yoona za zinthu zakale, ndipo zilolezo zomanga zili m'manja mwa khonsolo ya mzinda. Perekani makope a mapu, zithunzi ndi zifukwa za anthu ku maofesi awiriwa, kope lina likhale kwa mfumu, lina lipachikidwe pamalo poonekera kwa mwezi wathunthu kuti amene sanabwere akonze zolakwika. Koma nyumba yogonamo anthu isaikidwe pa mapu a pa intaneti monga OpenStreetMap ndi dzina la mwini wake, ndipo mwini nyumba akakana kuti ilembedwe poyera, isungeni m'kope la komiti lokha.