Katundu akakanika pamsika, funsani kaye: ankapangira ndani?

"Ndine mtsikana wa ku Kasungu, ndikuphunzira za malonda. Atipatsa ntchito yoti tiunike katundu amene kampani inatulutsa koma anthu sanamulandire chifukwa sanagwirizane ndi msika. Ndalemba masamba awiri koma aphunzitsi akuti ndangofotokoza nkhani, sindinaunike. Nditani?"

Achemwali, aphunzitsi anu akufuna muonetse pamene maganizo a kampani anasemphana ndi moyo weniweni wa wogula. Ndikuonetsani ndi galimoto ya Tata Nano ya ku India, chifukwa nkhani yake munthu wa kwathu kuno amaimva msanga.

Imani pa depoti ya Kasungu m'mawa, muona bambo pa njinga yamoto, mayi kumbuyo atabereka mwana, thumba la feteleza litamangidwa ndi mphira. Ratan Tata, amene anali mkulu wa kampani ya Tata pa nthawiyo, ankaona mabanja otere m'misewu ya ku India, anthu anayi pa njinga imodzi. Anaganiza zowapangira galimoto ya marupi 100,000, ndipo inayamba kugulitsidwa mu 2009. Kuti mtengo utsike, anachotsa zambiri: chopukutira galasi chinali chimodzi, buti sinkatseguka kunja, injini yaing'ono ya 624cc inali kumbuyo.

Choyamba cholemba pa pepala lanu ndi chiganizo chimodzi chonena zimene kampani inkakhulupirira. Cha Nano ndi ichi: banja la njinga yamoto likufuna galimoto, chikuliletsa ndi mtengo basi. Ntchito yanu yonse ndi kuyesa chiganizo chimenechi ndi umboni.

Apa ndi pamene ophunzira ambiri amagwa. Amasonkhanitsa tsoka lililonse limene linagwera katunduyo n'kulitcha kusagwirizana ndi msika. Nano inakumana ndi mavuto enadi. Fakitale imene ankamanga ku Singur anaisiya mu 2008 chifukwa cha mkangano wa malo ndi alimi, n'kusamukira ku Sanand, ndiye magalimoto anachedwa. Ena angapo anayaka moto, manyuzipepala n'kulemba. Koma kuchedwa kwa fakitale ndi vuto la kapangidwe, osati la msika. Njira yosiyanitsira ndi kufunsa kuti: vutoli litatha, anthu anayamba kugula? Fakitale ya ku Sanand inatsegulidwa mu 2010, yokhoza kutulutsa magalimoto 250,000 pa chaka. Chaka chimene anagulitsa kwambiri, cha 2011 mpaka 2012, sanafike ngakhale 80,000. Katundu analipo, ogula ndi amene kunalibe. Manambala awiri amenewa muwaike moyandikana, akulankhulirani kuposa tsamba lathunthu.

Tsopano bwererani kwa bambo wa njinga uja, muunike mbali ziwiri. Yoyamba ndi thumba lake. Marupi 100,000 ndi ochepa pa galimoto, koma anali ochuluka kwambiri kuposa mtengo wa njinga yamoto wamba, ndipo munthu wopanda malipiro a pamwezi savomerezedwa ngongole ku banki mosavuta. Onjezani mafuta, inshuwalansi ndi poimika. Mtengo uja nawonso unakwera patapita nthawi.

Yachiwiri ndi imene ine ndimaiona yolemera koposa: ulemu. Dziko lonse linkaitchula kuti galimoto yotchipa kuposa onse. Taganizani mlimi wa ku Santhe amene wagulitsa fodya bwino, akufuna kulowa m'mudzi ndi galimoto yake yoyamba. Safuna kuti anthu azinong'onezana kuti wagula ya amphawi ija. Angalole kugula Sienta yogwirapo kale ntchito, yonyamula banja lonse ndi matumba omwe. Ku India nakonso wogula ankayerekeza Nano ndi galimoto ya Maruti yogwirapo kale ntchito, pamene kampani inkaiyerekeza ndi njinga yamoto. Ratan Tata mwini anadzavomereza pambuyo pake kuti kuitsatsa ngati galimoto yotchipitsitsa kunali kulakwitsa. Choncho m'ntchito yanu mulembe opikisana nawo amene kampani inkaona, kenako amene wogula ankaona, muonetse kusiyana kwake.

Chenjezo langa ndi lakuti musaweruze ngati kuti zonse zinali zoonekeratu. Poyamba anthu oposa 200,000 analembetsa kuti adzagula, ndipo aliyense akanaganiza kuti zatheka. Mufunse kuti olembetsawo anali ndani. Ambiri mwa ogula oyamba anali oti galimoto ali nayo kale, ankafuna yachiwiri yoyendera m'tauni. Chizindikiro chinali chimenecho: katundu akuyenda, koma akupita kwa munthu wina osati amene anamupangira. Kampani inayesa kuikongoletsa, inatulutsa GenX Nano mu 2015, koma dzina linali litamatirira kale, ndipo pofika kumapeto kwa 2018 kupanga kunali kutaima.

Pa gawo la malangizo musalembe kuti akanachita kafukufuku wokwanira, aliyense amalemba zimenezo. Tchulani funso lenileni limene akanafunsa mabanja a njinga zamoto asanamange fakitale: mutakhala ndi marupi 100,000 lero, pakati pa iyi yatsopano ndi iyo yakale yaikulupo, mungatenge iti, ndipo ndalamazo mungazipeze kuti?