Kugona pa bwalo la ndege: pa mpando kapena m'hotela?

"Achimwene, ndege yanga idzatera ku Doha 10 koloko usiku, inayo idzanyamuka 7:30 m'mawa. Ndidzagone pa mpando kapena ndilipire hotela?"

Achemwali, musanafufuze hotela yambani mwayang'ana tikiti yanu. Ngati ndege zonse ziwiri zili pa tikiti imodzi, nthawi zambiri sutikesi imapitirira yokha mpaka komwe mukupita, inu n'kutsala m'kati osadutsa ku imigireshoni. Koma ngati munagula matikiti awiri padera, mungafunike kutuluka, kukatenga katundu n'kumuperekanso. Kutulukako ndiye kulowa m'dziko la eni ake, ndipo malamulo a viza amakukhudzani.

Apa ndi pomwe ine ndinalumidwa. Ndinalipira hotela pongoona kuti dzina lake likutchula bwalo la ndege, osadziwa kuti ili kunja kwa mpanda. Viza ndinalibe, ndalama n'kupita, usiku wonse ndili tsonga pa mpando. Choncho afunseni a hotela mosazungulira: kodi ndingafike kwanuko osadinditsa pasipoti? Ku Doha, Oryx Airport Hotel ili m'kati momwemo.

Tsopano tiwerenge maola anu. Alipo asanu ndi anayi ndi theka, koma si onse ogona. Mukasankha hotela yakunja, kutsika ndege ndi mzere wa imigireshoni zikudyerani ola, ulendo wa galimoto ndi kulandira kiyi ola linanso. Mugona cha m'ma 12 koloko. Pabwalo muyenera kufikanso kwatsala maola atatu, kutanthauza 4:30, ndiye kudzuka ndi 3:30. Mwalipira usiku wathunthu, mwagona maola atatu ndi theka! Ya m'kati, pofika 11 koloko mwafunda kale, ndipo mutha kudzuka 5:30 mosathamanga. Ndi yodula, inde, komanso zipinda zimatha msanga, choncho sungitsani malo musananyamuke. Ine pa maola ngati anuwa, hotela yakunja sindiiyang'ana n'komwe.

M'thumba mukakana, pa mpando pamagoneka ndithu. Bwalo la ku Doha silitseka usiku, ndipo lili ndi zipinda zopumiramo zaulere, za amayi pazokha, za abambo pazokha. Malo akadzaza, khalani powala, pomwe pali apaulendo ena ndipo ogwira ntchito akudutsadutsa, osati kukona kwa zii. Pasipoti, foni ndi ndalama zikhale m'kachikwama ka m'kati mwa zovala. Chikwama chachikulu chitsamireni, lamba wake mutakoleka pamkono. Foni musaisiye ikutchajidwa patali inu muli m'tulo.

Sutikesi simudzaiona usiku umenewo, ndiye mankhwala, mswachi ndi juzi zikhale m'chikwama cha m'manja. Juziyo musaiderere, makina oziziritsa amaluma m'bandakucha. Tcherani alamu pa nthawi ya ku Doha, ndipo mukadzuka kaoneni geti pa sikirini, chifukwa yolembedwa pa chiphaso chokwerera ndege imatha kusintha inu muli mtulo.